Mzimu unkayenda kapena unkafungatira? Genesis 1:2 m'Chichewa ndi m'Chingerezi

Ndime yachiwiri ya Baibulo lonse, Genesis 1:2, m'Buku Lopatulika imati: "Dziko lapansi ndipo linali lopanda maonekedwe ndi lopanda kanthu, ndipo mdima unali pamwamba pa nyanja, ndipo mzimu wa Mulungu unalinkufungatira pamwamba pa madzi." Baibulo la Chingerezi la King James, lomwe alaliki ambiri kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje amalinyamula pamodzi ndi la Chichewa, pa ndime yomweyo limati: "And the earth was without form, and void, and darkness was upon the face of the deep. And the Spirit of God moved upon the face of the waters."

Munthu wodziwa zilankhulo ziwirizi akawerenga mothamanga aganiza kuti zanena chimodzimodzi: dziko lopanda kanthu, mdima, madzi, ndi Mzimu wa Mulungu. Koma akakhala pansi n'kuyang'ana liwu ndi liwu, apeza kuti pali malo atatu pomwe mabuku awiriwa sakujambula chithunzi chimodzi. Pomwe Chingerezi chati deep, Chichewa chati nyanja. Pomwe chati Spirit, Chichewa chati mzimu, ndipo mawu awiriwa salowa m'khutu mofanana. Pomwe chati moved, Chichewa chati unalinkufungatira, ndipo apa ndiye kusiyanako n'kwakukulu.

Tisanapite patali, pali maganizo ena ofala amene ayenera kuchoka m'njira. Ambirife tinakula tikuganiza kuti Baibulo la Chingerezi ndiye lenileni, la Chichewa n'longotsatira pambuyo, kotero kuti zikasiyana wolakwa ndi wa Chichewa. Si choncho. Buku la Genesis linalembedwa m'Chiheberi. King James ndi ntchito ya omasulira ya mu 1611. Buku Lopatulika nalo ndi ntchito ya omasulira, yomwe inatha mu 1922 motsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, ndipo cholinga chake chinali chakuti Chinyanja chake chimveke kwa Achewa akumtunda ndi Amang'anja akuno omwe. Mabuku onse awiri akuyesa kunyamula katundu mmodzi wa Chiheberi, ndipo lililonse lili ndi pomwe lanyamula bwino ndi pomwe lataya. Funso loyenera kufunsa tsono si lakuti Chichewa chatsatira Chingerezi kapena ayi, koma lakuti pa liwu ili, ndani wafika pafupi ndi zomwe Chiheberi chinanena.

Chiyambi cha ndimeyi sichivuta kwambiri. Chiheberi chili ndi mawu awiri omveka mofanana, tohu wabohu. Tohu ndi malo achipululu, opanda njira, osati n'kukhalamo munthu. Chingerezi chinati without form, kutanthauza kuti dzikolo linali lisanaumbike, ndipo Chichewa chinati lopanda maonekedwe, chomwe chimakokera pang'ono ku zomwe maso akuona. Kusiyanako n'kochepa, ndipo onse awiri asiya pang'ono ganizo la chipululu, lomwe limaoneka bwino pa Yesaya 45:18 pomwe akuti Mulungu sanalenge dziko kuti likhale tohu koma kuti mukhale anthu. Chimodzimodzinso mawu akuti face: Chiheberi chimanenadi za nkhope ya madzi, Chingerezi chinasunga nkhopeyo, Chichewa chinangoti pamwamba pa madzi, ndipo chinachita bwino chifukwa kwathu kuno madzi sakhala ndi nkhope. Palibe chomwe chatayika pamenepo.

Pa nyanja ndi pomwe nkhani yayambira. Liwu la Chiheberi ndi tehomu, ndipo limapezeka ka 36 m'Chipangano Chakale. Si dzina la nyanja iliyonse yomwe munthu angailoze ndi chala. Ndi madzi akuya opanda gombe, madzi omwe Aheberi ankati analipo dziko lisanaikidwe m'malo mwake, ndipo mpaka lero ali pansi pa nthaka. Pa Masalimo 104:6 akuti madzi amenewa anaphimba dziko ngati chovala, mpaka anaima pamwamba pa mapiri. Pa Genesis 7:11, chigumula cha Nowa chikuyamba pamene akasupe a tehomu wamkulu aphulika pansi, ndipo mazenera akumwamba atseguka. Omasulira a Chigiriki, zaka za m'ma 200 Yesu asanabadwe, anasankha liwu lotanthauza phompho lopanda polekezera. Deep ya King James ili m'njira yomweyo: siikuuza kuti madziwo ali kuti, ikungokuuza kuti pansi pake simufika.

Nanga ife tikamva nyanja timaona chiyani? Wa ku Mangochi kapena ku Salima aona nyanja ya Malawi, mchenga woyera, mabwato ndi usipa. Kuno kuchigwa, akuluakulu ambiri akati akupita kunyanja akhoza kukhala akunena mtsinje wa Shire womwewu, pakuti m'Chimang'anja madzi aakulu otambalala ndi nyanja, kaya akuyenda kaya angokhala. Koma kaya ndi iti, nyanja yathu ili ndi tsidya lino ndi tsidya lija. Ili ndi dooko, ili ndi mwini bwato wodziwa pomwe pali pakuya ndi pomwe pali mvuu. Ndi madzi odziwika, omwe anthu amadyerapo. Zimenezi ndi zomwe tehomu alibe pa ndime yachiwiri ija.

Ndipo vutoli limaonekera poyera mukawerenga mpaka pa ndime 9 ndi 10. Pamenepo, tsiku lachitatu, Mulungu akuuza madzi kuti asonkhane pamalo amodzi kuti mtunda uoneke, kenako madzi osonkhanawo akuwatcha dzina. M'Chiheberi dzinalo ndi liwu lina, yamimu. M'Chingerezi ndi liwu linanso, Seas. Wowerenga zilankhulo zimenezi akuona kuti chinthu chatsopano chabadwa: madzi opanda malire aja tsopano apatsidwa malire ndi dzina. M'Chichewa, pa ndime 10 dzinalo ndi Nyanja, liwu lomwe talimva kale pa ndime 2. Mwana wa Sande sukulu wochenjera akhoza kufunsa kuti, nanga Mulungu akutcha bwanji nyanja tsiku lachitatu pamene nyanja inalipo kale tsiku loyamba lisanafike? Funsolo n'labwino, ndipo yankho lake n'lakuti Chichewa chagwiritsa ntchito liwu limodzi pa zinthu ziwiri zomwe mlembi anazisiyanitsa dala. Apa Chingerezi chasunga kanthu komwe Buku Lopatulika lataya.

Chodabwitsa n'chakuti ife a kuchigwa kuno tehomu timamudziwa kuposa anthu ambiri, ngakhale tilibe liwu limodzi lomutchulira. Amene analipo mu Januwale 2015, pamene Ruo ndi Shire anasefukira n'kuzinga Makhanga, kapena mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy, akukumbukira m'mawa womwe munthu unkaima pachulu osathanso kudziwa kuti mtsinje unali pati, munda unali pati, msewu unali pati. Malire onse omwe timakhulupirira anali atafufutika, kungotsala madzi mbali zonse ndi nsonga za mitengo. Palibe ankatcha madzi amenewo nyanja monga timatchulira popita kukagula mlamba. Mlaliki wofuna kuti anthu amve ndime yachiwiri ya Genesis ayambire pamenepo, osati pa gombe la ku Mangochi. Koma asapitirire malire n'kunena kuti tehomu ndi chinthu choipa chokhachokha, chifukwa pa Genesis 49:25 Yakobo akudalitsa Yosefe ndi madalitso a tehomu wokhala pansi, kutanthauza akasupe omwetsa minda. Madzi omwewo akakhala m'malo mwake ndi moyo, monganso dothi lomwe chigumula chimasiya m'madimba.

Tsopano mzimu. Poyamba zimaoneka ngati apa palibe nkhani, chifukwa aliyense anaphunzira kuti spirit ndi mzimu. Koma liwu la Chiheberi, ruwakhi, lomwe likupezeka kopitirira 370 m'Chipangano Chakale, lili ndi matanthauzo atatu omwe Aheberi sankawalekanitsa monga timachitira ife: mphepo, mpweya wopuma, ndi mzimu. Pa Genesis 8:1, chigumula chitafika pachimake, Mulungu akuombetsa ruwakhi padziko ndipo madzi akuphwa, ndipo apo mabuku onse amati mphepo. Pa Eksodo 14:21, ruwakhi wa kum'mawa akuomba usiku wonse n'kugawa nyanja. Pa Ezekieli 37, m'chigwa cha mafupa ouma, liwu lomweli likubwerezedwa kakhumi m'ndime 14 zokha, pena kutanthauza Mzimu wa Yehova, pena mpweya wolowa m'mitembo, pena mphepo zinayi. Mheberi akamva Genesis 1:2 ankamva zonsezi pamodzi: chinthu chosaoneka, champhamvu, chochokera kwa Mulungu, chili pamwamba pa madzi. Chingerezi ndi Chichewa, zonse ziwiri, zinakakamizika kusankha limodzi, ndipo zonse zinasankha mzimu n'kusiya mphepo. Mabaibulo ena a Chingerezi anasankha mwina: New Revised Standard Version ya mu 1989 imati "a wind from God swept over the face of the waters", ndiko kuti mphepo yochokera kwa Mulungu inkasesa pamwamba pa madzi.

Ngakhale King James ndi Buku Lopatulika zasankha mbali imodzi, zomwe zimafika kwa womvera n'zosiyana. King James inalemba Spirit ndi chilembo chachikulu, ndipo wowerenga Chingerezi akangoona chilembocho amaganiza za Mzimu Woyera wa m'Chipangano Chatsopano. Chilembo chimenecho ndi chiganizo cha omasulira, chifukwa Chiheberi chilibe zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Ndiponso chilembo chachikulu sichimveka ndi khutu, pamene m'mipingo yathu yambiri ya kumudzi anthu ochuluka amalimva Baibulo likuwerengedwa kutsogolo, saliona ndi maso. Chomwe chimafika kwa iwo ndi liwu lakuti mzimu basi, ndi zonse zomwe liwulo lanyamula kuyambira kalekale.

Ndipo lanyamula zambiri. Mzimu m'Chichewa, amishoni asanabwere, unali wa munthu amene anakhalapo ndi moyo n'kumwalira. Mizimu ya makolo imabwera kutulo, imakwiya ikaiwalidwa, imathiridwa nsembe. Kuno ku Nsanje kuli Khulubvi, komwe kuli kachisi wa Mbona, ndipo kwa zaka mazana anthu akhala akupita kumeneko kukapempha mvula kwa mzimu wa munthu yemwe mbiri yake imati anaphedwa. Kotero gogo wa kwa Malemia akamva kuti mzimu unali pamwamba pa madzi, mawuwo sakumudabwitsa, pakuti mzimu ndi madzi kwa iye n'zinthu zoyendera limodzi kale. Zimenezi zili ndi ubwino wake: sakumva za chinthu chozizira cha m'mabuku, akumva za wamoyo wokhala ndi chifuniro, amene mvula ndi chilala zimamumvera. Zilinso ndi ngozi yake: mzimu m'kamvedwe kakale umachokera mwa munthu wakufa, pamene ruwakhi wa Mulungu sanakhalepo munthu, ndipo pa ndime imeneyi munthu sanalengedwe n'komwe. Liwu la Chingerezi limatha kunenanso za akufa, koma kwa owerenga ake ambiri ganizolo lili kutali. Kwa ife lili pakhomo.

Palinso kanthu kakang'ono komwe Chichewa chokha chimaonetsa. Taonani chilembo choyamba cha mneni: u-nalinkufungatira. Chichewa sichilola kuti utchule chochita popanda kusonyeza mtundu wa wochitayo. Mzimu uli m'gulu limodzi ndi mtengo, mtsinje ndi moto, ndiye umatenga u. Omasulira akanafuna kutsindika kuti uyu ndi munthu wolemekezeka akanalemba kuti analinkufungatira, monga momwe Akhristu ambiri masiku ano amanenera kuti Mzimu Woyera abwera, atithandiza, osati ubwera, utithandiza. Iwo anasiya u. Chingerezi pa moved sichinena kalikonse pa nkhaniyi, mneniyo ndi yemweyo kaya wayenda ndi munthu kaya ndi mphepo. M'Chiheberi ruwakhi pano ndi liwu lachikazi ndipo mneni wake walitsatira, koma umo ndi mmene galamala yawo imayendera, si umboni wa chiphunzitso. Chimodzimodzi u wathuyu: munthu asamange chiphunzitso pa iye, kunena kuti Baibulo la Chichewa likukana kuti Mzimu ali ndi umunthu. Ine ndimaona kuti u ameneyu wathandiza, chifukwa wasiya khomo lotseguka pang'ono kuti womvera aganizenso za mphamvu yoomba, zomwe chilembo chachikulu cha Chingerezi chinatsekeratu.

Tafika pa liwu lomwe limandikoka mtima kwambiri. Pa phunziro la Baibulo la pakati pa sabata ku Ngabu, mphunzitsi wina wachinyamata wa kusekondale anawerenga ndimeyi m'Chingerezi pa foni yake, kenako anati, "Abusa, apa Chichewa chawonjezera. Chingerezi changoti unayenda. Za kufungatirazi azitenga kuti?" Abusa asanayankhe, mayi wina wachikulire wa chigwirizano anati, "Aphunzitsi, mundikhululukire, ine Chingerezi sindichidziwa. Koma kuyenda ndi kufungatira n'zosiyana kwambiri. Woyenda amadutsa. Nkhuku yofungatira siichoka." Mayiwo analoza pamtima penipeni pa nkhaniyi, ndipo funso la aphunzitsi nalo linali loyenera kuyankhidwa bwino.

Aliyense woweta nkhuku za chikuda akudziwa zomwe mayiwo ankanena. Thadzi likayamba kufungatira limasintha khalidwe. Limakhala pa mazira masiku 21, kutsika kanthawi kochepa patsiku kukatola chakudya ndi kumwa madzi, n'kubwerera msanga mazira asanazizire. Limawatembenuza ndi mlomo, limakokera pansi pa mimba dzira lomwe lagubudukira kumbali. Ukayandikiza dzanja limatukumula nthenga, kulira mokalipa, n'kukujompha. Limaonda. Zonsezi likuchitira chinthu chomwe ukachiyang'ana sichisonyeza moyo uliwonse. Mayi nayenso timati wafungatira mwana akamukumbatira pachifuwa kuti amve kutentha. Ndiye Mchewa kapena Mmang'anja akamva kuti mzimu wa Mulungu unalinkufungatira pamwamba pa madzi, akumva zinthu zitatu nthawi imodzi: kukhalitsa, kuteteza, ndi kuyembekezera kuti chinachake chiswe. Mu moved mulibe ngakhale chimodzi mwa zitatuzi.

Nanga Chiheberi chili mbali iti? Liwu lake ndi merakhefeti, ndipo tsinde lake likupezeka katatu kokha m'Chipangano Chakale chonse, n'chifukwa chake omasulira akhala akuvutika nalo. Pa Yeremiya 23:9 mneneri akuti mafupa ake onse akunjenjemera, ndipo liwu la kunjenjemerako ndi la tsinde lomweli. Pa Deuteronomo 32:11, pomwe mneniyo ali mumpangidwe wofanana ndi wa mu Genesis, Mose akuyerekeza Yehova ndi chiwombankhanga chomwe chikutakasa chisa chake n'kumakupiza mapiko pamwamba pa ana ake, kenako n'kutambasula mapikowo kuwanyamula. Mbalame imeneyi siinakhale pansi, ndiponso sikudutsa ulendo. Ili m'malere pamalo amodzi, mapiko akugwira ntchito, maso ali pa anawo. King James yomweyo pa ndime imeneyi inalemba fluttereth, kukupiza mapiko, koma pa Genesis inangoti moved. Ndipo ndime yomwe timawerenga tisanafike pa imeneyi, Deuteronomo 32:10, ikunena kuti Yehova anapeza anthu ake m'chipululu, ndipo liwu lomwe lilipo ndi tohu lija. Mawu awiri osowa a mu Genesis 1:2 akumananso pamalo amodzi, ndipo zimenezi zimalimbitsa ganizo lakuti chithunzi cha mbalame yosamala ana chili m'ndime yathuyi.

Tikaika zonsezi pamodzi, yankho kwa aphunzitsi aja n'lakuti Chichewa sichinapeke. Mbalame ilimodi m'liwulo, ndipo King James ndi yomwe inaichotsa, potsatira njira ya omasulira a Chigiriki ndi a Chilatini omwe anangoti mzimuwo unkatengedwa pamwamba pa madzi. Ganizo la kufungatira nalo ndi lakale kwambiri. M'zaka za m'ma 300, bishopu Basil wa ku Kaisareya, polalikira za masiku asanu ndi limodzi a chilengedwe, anafotokoza kuti anamva kwa munthu wa ku Siriya kuti m'chilankhulo chawo, chomwe ndi chachibale ndi Chiheberi, liwuli limanena za mbalame yofunditsa mazira ndi kutentha kwa thupi lake. Jerome, womasulira Baibulo la Chilatini, anatchulanso tanthauzo lomweli m'zolemba zake za Genesis. Ngakhale Baibulo la Chingerezi lokonzedwanso la mu 1885 linaika tanthauzoli m'mphepete mwa tsamba. Buku Lopatulika linatenga chomwe ena anachisiya m'mphepete n'kuchiika m'kati mwa ndime.

Koma chilungamo chifuna tinenenso mbali inayo. Kufungatira kwapitirira pang'ono pomwe Chiheberi chaima. Thadzi lofungatira limakhala phee, thupi lake litakhudza mazira. Merakhefeti ali ndi kugwedezeka m'kati mwake, monga taonera pa mafupa a Yeremiya ndi pa mapiko a chiwombankhanga, ndipo pa Deuteronomo paja m'chisamo muli ana oswa kale, si mazira. Ndiye King James yasunga kuyenda n'kutaya mbalame, Buku Lopatulika lasunga mbalame ndi chisamaliro chake n'kutaya kuyenda. Mabaibulo ambiri a Chingerezi a masiku ano, monga New International Version, anasankha hovering, lomwe ndi kuuluka utaima pamalo amodzi, ndipo limenelo ndiye lili pafupi kwambiri. Mukandifunsa kuti pa awiri athuwa ndani wataya zochepa, ndinena mosakayika kuti ndi Chichewa, chifukwa womva kufungatira watsala ndi chithunzi chomwe chili pachibale ndi cha mlembi, pamene womva moved watsala ndi liwu lomwe lingagwire pa chilichonse. Chomwe mlaliki ayenera kupewa ndi kukoka chithunzicho mpaka kunena kuti dziko linali dzira lomwe Mzimu analiswa. Ndimeyi sitchula dzira, ndipo chomwe chikubweretsa kuwala pa ndime yotsatira ndi mawu a Mulungu akuti, "Kuyere."

Pali chinanso chomwe Chichewa chapambana, ndipo ambiri sachiona chifukwa chabisala m'kati mwa mneni. Moved ndi chinthu chomwe chinachitika n'kutha, ngati sitepe imodzi m'ndondomeko ya nkhani. Koma mneni wa Chiheberi pano ali mumpangidwe wosonyeza chinthu chopitirira, chomwe chinali chikuchitikabe. Ndime yachiwiri yonse sikusimba zochitika motsatizana, ikufotokoza mmene zinthu zinalili Mulungu asanalankhule. Unalinkufungatira, kapena m'kalankhulidwe ka lero unali kufungatira, wagwira zimenezi ndendende. Linali, unali, unalinkufungatira: aneni atatu onse akutiimika pamalo amodzi kudikira, mpaka ndime yachitatu itati, "Ndipo anati Mulungu." Wowerenga kutsogolo kwa mpingo akadziwa zimenezi sathamanga pa ndime yachiwiri.

Wina afunsa kuti, nanga ife osadziwa Chiheberi tingazindikire bwanji zinthu zotere? Njira yomwe tayenda pamwambapa siifuna sukulu ya ubusa. Mukapeza pomwe Chichewa ndi Chingerezi zasiyana, choyamba onani ngati kusiyanako kukusintha chithunzi kapena ndi kalankhulidwe chabe. Nkhope ya madzi ndi pamwamba pa madzi ndi kalankhulidwe chabe, musatayepo nthawi. Kuyenda ndi kufungatira zikusintha chithunzi, pamenepo imani. Kenako tsegulani Baibulo lachiwiri la Chingerezi, ndiponso la Chichewa lina monga Buku Loyera la mu 1998 kapena Malembo Oyera la Akatolika la mu 1966. Mukaona kuti a Chingerezi okhaokha sakugwirizana, wina akuti moved, wina hovering, wina swept, dziwani kuti vuto si Chichewa, liwu loyambiriralo ndi lomwe lili ndi mbali zingapo. Pomaliza tsatirani timawu ta m'mphepete kapena pansi pa tsamba, tomwe timakulozerani ndime zina zokhala ndi liwu lomwelo. Njirayi ili ndi malire ake: kuchuluka kwa mabaibulo onena chinthu chimodzi si umboni, chifukwa ambiri amangotsatira linzawo lakale, monga moved anayendera kuchoka m'buku lina kulowa m'linzake kwa zaka mazana.

Chinthu chomwe chimasokoneza kwambiri ndi kusakaniza, ndipo chimachitika kawirikawiri pa misonkhano yachitsitsimutso ku Nchalo kapena ku Bangula, pomwe mlaliki akulankhula Chingerezi wina n'kumamasulira pompopompo. Mawu a m'ndimeyi ndi omangana. Womasulira Baibulo akasankha mphepo, mneni wake ayenera kukhala woomba kapena wosesa, chifukwa mphepo siifungatira. Akasankha mzimu, khomo la mbalame latseguka. Tsono tiyerekeze mlaliki wawerenga King James n'kuyamba kufuula kuti Mzimu ukuyenda, usakhale pamodzi, nawenso yenda, choka pomwe ulipo. Womasulira wake watsegula Buku Lopatulika n'kuwerenga kuti unalinkufungatira. Anthu okhala pa mabenchi amva ndime yonena za kukhala osachoka, kenako ulaliki wonena za kunyamuka, ndipo sakuona pomwe ziwirizi zakumana. Womasulira wozindikira amayang'ana ndimeyo m'mabuku onse awiri msonkhano usanayambe, n'kuuza mlalikiyo mwaulemu kuti, "Abusa, m'Baibulo lomwe anthuwa ali nalo m'manja, liwu lomwe mwamangapo uthenga wanu mulibe. Muli lakuti kufungatira, ngati nkhuku pa mazira." Akatero mlalikiyo ali ndi mwayi wosankha: kuwerenga Deuteronomo 32:11 pambali pa Genesis 1:2 kuti anthu aone mapiko akukupiza, kapena kusiya uthenga wa kuyenda n'kulalikira zomwe anthuwo amva ndi makutu awo.